Kalata ya Mphumu Imene Ndinaifewetsa

Mwana wathu wamkazi ali ndi mphumu. Kuno ku Lusaka timangoti asima, ndipo ambiri amalitchula dzinali mopepuka ngati akunena chimfine. Inenso pamaso pa anthu ndinkalitchula choncho, ngakhale ndinali nditamuonapo kawiri konse akulimbana ndi mpweya mpaka khungu la pakhosi kulowa mkati. Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali giredi 3 pa sukulu ina ya ku Woodlands. Ife tinkakhala m'mafulati a ku Kabwata, nyumba yapamwamba, ndipo malo a pasukulupo tinawapeza titatuluka thukuta: mafomu, mayeso, kudikira, kukaonekera kwa ahedi titavala zovala za kutchalitchi pakati pa sabata.

Miyezi yozizira ya chaka chimenecho mwanayo anatsokomola kwambiri. Pa tchuthi cha mu Ogasiti ndinapita naye kwa adokotala a ana, ndipo iwo ndi amene anandiuza kuti ndilembere aphunzitsi ake kalata. Anati masana onse mwana amakhala m'manja mwa munthu wina, choncho munthuyo ayenera kudziwa zonse zimene ine ndikudziwa. Anandifotokozera pang'onopang'ono zoti ndilembe, ine ndikukopera kuseri kwa kapepala ka zolengeza za kutchalitchi kamene ndinakapeza m'chikwama. Potuluka anandibwerezera chinthu chimodzi kawiri, kuti ndisabise zizindikiro zoopsa.

Ndinailemba Lamlungu masana, mawa lake sukulu ikutsegulira temu yachitatu. Ntchito yanga ndi ya usekilitale, kulemba makalata ndiye chakudya changa, moti sindinavutike. Ndinalemba m'Chingerezi monga amafunira a sukulu, koma mawu ake anali awa:

"Aphunzitsi, mwana wanga ali ndi mphumu. Si matenda opatsirana, ndipo masiku ambiri amasewera ngati mnzake aliyense. Koma njira za mpweya m'chifuwa mwake sizichedwa kutupa ndi kufinyika akapuma fumbi, utsi kapena mphepo yozizira, makamaka akakhala ndi chimfine. Zikatero amatsokomola, chifuwa chimaimba mluzu, ndipo amapuma movutika.

"M'chikwama mwake muli inhela ya buluu ndi sipesa, chibotolo chimene amapumiramo mankhwalawo. Mphumu ikamuyamba, mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Gwedezani inhela, ilowetseni kumbuyo kwa sipesa, iye atseke milomo kukamwa kwake. Dinani kamodzi, apume kasanu. Dikirani pang'ono, osapitirira mphindi imodzi, gwedezani, dinaninso. Akapanda kupeza bwino pitirizani choncho, kamodzikamodzi, mpaka kakhumi. Musaope kuti achuluka. Angamunjenjemeretse manja ndi kuthamangitsa mtima, koma zimenezo zimatha zokha.

"Ngati kakhumi kakwana iye osasintha, kapena akulephera kumaliza mawu, khungu likulowa pakhosi ndi pakati pa nthiti, milomo yatuwa, kapena wayamba kuwodzera, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukumupatsabe mankhwala m'njira. Musadikire ine. Chifuwa chikasiya kulira iye asanapeze bwino, sikuti wachira ayi, ndiye kuti mpweya sukudutsanso. Mwana angathe kufa."

Bambo ake a mwanayo anaipeza patebulo. Ndi adikoni kutchalitchi kwathu, munthu wofatsa, wokonda mwana wake kuposa mmene amadzikondera yekha, ndipo anakulira m'nyumba ya mphunzitsi. Anaiwerenga ataimirira, tayi ya kutchalitchi ikadali pakhosi.

"Ba mami, ichi mwalemba ni chani?" anandifunsa.

"Ni kalata ya ba ticha."

"Kalata, olo ni malamulo? 'Musamugoneke. Musadikile.' Uja ni muntu mukulu, ali na mapepa yake. Simungamutume monga wanchito wa pa nyumba."

Ndinati ndiwonjezeramo "chonde" angapo. Iwo anali ataika kale chala pa mzere womaliza. Anatsitsa mawu, chifukwa mwanayo anali pakhonde pomwepo akusewera ndi zidole.

"Nanga ichi? Mwana ali apo asowela, imwe mumulembela imfa pa mutu? Kamwa ili na mphamvu, tamvela lelo lamene ku chechi."

"Ni vamene banakamba ba dokota."

"Ba dokota bakamba vao, ise tikamba moyo. Elo ba hedi bakaona ichi, bazakamba ati mwana wanu ni odwala maningi, mupelekeni kwina. Muzamupeleka kuti?"

N'kosavuta lero kuti ndiwasenzetse iwo mlandu wonse, koma ndingakhale ndikunama. Kutchalitchi kwathu munthu sanena kuti akudwala. Ukamupeza akunjenjemera ndi malungo, mano akugundana, n'kumufunsa kuti ali bwanji, amayankha kuti ali wamphamvu. Ndinkaseka chizolowezi chimenechi ndi anzanga ku ofesi, komabe chinali chitandilowa m'magazi. Mzere womaliza uja ndinali nditaulemba monyinyirika, ndipo pamene iwo anati uchoke, mtima wanga unapepuka. Zoti angamuchotse pasukulu nazo zinandiopsa, ngakhale panalibe aliyense amene ananenapo zotero.

Ndinang'amba kalatayo n'kulemba ina. Iyi inali yaulemu ngati kalata yofunsira ntchito. Ndinayamba ndi moni, ndinayamika aphunzitsi chifukwa cha ntchito yabwino, ndinafotokoza kuti mwanayo ali ndi asima pang'ono ndipo fumbi ndi utsi sizimuyanja. Ndinafotokoza bwinobwino za kagwiridwe ka inhela ndi sipesa. Kenako ndinalemba kuti: "Akayamba kutsokomola, chonde mupatseni mankhwala kawiri ndipo apumule, amakhala bwino. Chonde ndiimbireni foni musanachite china chilichonse." Mawu omalizawo ndinawaika chifukwa ali kunazale anamumwetsapo mankhwala a chifuwa a mwana wina, ndipo sindinkafuna zibwerezeke. Pansi ndinaika nambala yanga ndi ya bambo ake. Kakhumi kaja, milomo yotuwa, chifuwa chosiya kulira, zonsezo zinapita m'bini limodzi ndi makoko a mbatata.

Lolemba m'mawa ndinakaipereka ndekha. Aphunzitsi ake anali mayi wachikulire pang'ono, wochokera ku Luapula, wamagalasi a chingwe, wa mtundu wa anthu amene amalemba deti pabolodi ndi rula. M'kalasi mwawo chilichonse chinali ndi malo ake. Anailandira ndi manja awiri, anaiwerenga kawiri, kenako anaitana mwanayo kuti awaonetse mmene inhela imalowera m'sipesa. Anayesera okha katatu, osadina, mpaka anakhutira. Ndinasangalala nawo kwambiri.

"Tuwili chabe?" anandifunsa, akuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tuwili chabe, ba ticha."

"Nga sivinasile?" anafunsanso, kutanthauza ngati kutsokomolako sikunathe.

Apa ndi pamene ndikanatsegula pakamwa. Zonse zinali pa lilime. Koma mwanayo anali pomwepo akutiyang'ana, ana ena anali atayamba kulowa, ndipo ine ndinali nditachedwa ku ntchito.

"Munitumile foni," ndinatero. "Nili pafupi, mu tauni chabe."

"Chili bwino," anatero iwo. "Ine ba mami nikonka vamene valembewa. Mankhwala ya mwana wa bene sinisowela nayo."

Anatenga selotepi n'kumata kalatayo mkati mwa chitseko cha kabati, pafupi ndi ndandanda ya maphunziro. Anaiwongola ndi chikhatho kuti isapindike.

Seputembala wa ku Lusaka amadziwika. Mphepo imanyamula fumbi m'misewu ya m'makomboni n'kulithira paliponse, moti ukapukuta tebulo m'mawa, masana ulembapo dzina ndi chala. Anthu amatentha zinyalala m'ngalande, ndipo masiku amenewo magetsi ankathima maola ambiri, choncho m'makwerero a fulati yathu munkadzaza utsi wa mbaula za anansi. Mwanayo ankapuma inhela yake ina, ya bulauni, yoteteza, m'mawa ndi madzulo osaphonya. Komabe kawiri m'mwezi umenewo aphunzitsi anandiimbira. Ulendo uliwonse ankanena zofanana: watsokomola, amupatsa kawiri, wapumula, tsopano akulemba ndi anzake. Ndinkathokoza n'kubwerera ku ntchito. Kalata yanga yaulemu inkaoneka kuti ikukwanira, ndipo ndinkaona kuti bambo ake akumva kukoma.

Kumayambiriro kwa Okutobala anadwala chimfine. Sichinali chachikulu, kamfuno chabe ndi kukhosi. Koma sabata imeneyo inhela ya buluu inatuluka m'chikwama katatu kunyumba, ndipo adokotala anali atandiuza kuti ikayamba kutuluka pafupipafupi ndizibwera naye. Ndinati tipita Loweruka. Lachisanu m'mawa tikutsika makwerero anaima pakati, dzanja pa khoma, akutsokomola kouma kuja. Ndinamupatsa mankhwala pomwepo, kanayi, ndipo anawongoka. Ndinaganiza zomusiya kunyumba, koma panalibe womusiyira, anali ndi mayeso a masamu, ndipo ine ndinali ndi msonkhano wa akuluakulu a kampani umene sindikanaujomba.

Titatsika minibasi ku Woodlands ndinamva fungo la utsi tisanafike pageti. Mawa lake linali tsiku loti makolo adzaone ntchito za ana, choncho sukulu yonse inali pa kalikiliki. Ana akuluakulu ankasesa bwalo louma ndi matsache, fumbi lili koboo, ndipo kuseri kwa makalasi munthu wosamalira maluwa ankatentha mulu wa masamba. Ndinaima pageti ndikuyang'ana utsiwo ukukwawa cha kumawindo a giredi 3. Ndinaganiza zolowa kuti ndikawauze aphunzitsi kuti lero si tsiku labwino, kuti wapuma kale mankhwala m'mawa uno, kuti asamutulutse kunja. Minibasi yopita m'tauni inaliza hutala kutsidya kwa msewu. Ndinamukonza kolala mwanayo, ndinamuuza kuti asasese, n'kuthamanga.

Ku ofesi kwathu kuli lamulo loti mafoni salowa m'chipinda cha msonkhano. Yanga ndinaisiya m'dirowa, itatsekedwa mawu. Tinalowa teni koloko. Ndinalemba zokambirana maola awiri ndi theka, anthu akukangana za galimoto za kampani, ndipo kawiri konse ndinapeza kuti cholembera chaima, ndikuganiza za utsi uja. Ndinadziuza kuti ngati pali vuto aimbira bambo ake. Sindinakumbuke kuti tsiku limenelo iwo anali atapita kukayendera ntchito kunja kwa mzinda, kumene foni imagwira mwa apo ndi apo.

Nditatuluka ndinatsegula dirowa. Aphunzitsi anali ataimba kambirimbiri, ndipo panali mauthenga asanu. Ndinawawerenga nditaimirira, kuyambira woyamba.

"Wayamba kukosola maningi. Namupasa tuwili."

"Sivinasile. Tumani foni."

"Namugoneka mu sikibei apumule, monga mwamene munalembela." Sikibei ndi kachipinda ka odwala ka pasukulu.

"Ba dadi foni siingena. Nichite bwanji?"

Womaliza unali utabwera mphindi zisanu ndi ziwiri zapitazo. "Manje wankhala zii, chifuwa chaleka kulila. Monga afuna kugona. Musade nkhawa."

Ndinaimba ndikuthamanga kale m'khonde, nsapato imodzi ikuvuka. Anayankha nthawi yomweyo, mawu awo ali ofewa, ngati munthu amene sakufuna kudzutsa khanda.

"Ba mami, mwapezeka. Ali bwinoko manje, a..."

"Muusheni," ndinawadula. "Ankhale, asagone. Milomo yake ili bwanji?"

Ndinamva bedi likulira.

"Mayo. Yaoneka mbuu."

"Akamba?"

"Sakamba. Aniyangana chabe."

"Mupaseni futi mankhwala, kamozi kamozi, mpaka teni. Elo mutengeni ku chipatala manje manje, musaniyembekeze."

"Teni? Koma mu kalata..."

"Siyani kalata, ba ticha. Napapata. Pasani."

Sanafunsenso. Ndinawamva akuitana munthu, mawu awo atasintha, akulamula ngati pabwalo la asembule. Wachiwiri kwa ahedi anali ndi galimoto. Ine ndinatsika m'nyumba ya ofesi n'kulowa m'takisi yoyamba imene ndinaiona, osafunsa mtengo, ndipo foni sindinaidule.

Inali nthawi ya chakudya cha masana, m'tauni magalimoto atathithikana. Tinkayenda pang'ono n'kuima, ogulitsa zinthu akudutsa pakati pa magalimoto ndi machaja ndi nthochi, dzuwa likuwotcha denga. M'khutu mwanga munali galimoto ina ija. Ndinkamva inhela ikugwedezeka, kenako kaphokoso ka kudina, kenako aphunzitsi akuwerenga mpweya wa mwana wanga mokweza monga amawerengetsera ana masamu. Mwanayo sindinkamumva n'komwe. Ndikanapereka chilichonse kuti ndimve mluzu uja umene ndinkadana nawo.

"Sakoka bwino," anatero aphunzitsi. "Mutu ugwa."

"Mugwileni ankhale. Gwilani milomo pa botolo. Pasani chabe."

Woyendetsa takisi anandiyang'ana pagalasi, anangoyatsa magetsi n'kukwera m'mbali mwa msewu. Pa kachisanu ndi chiwiri aphunzitsi anati watsokomola. Pa kakhumi anati afika pageti la chipatala. Kenako kunamveka mawu ambiri, zitseko, ndipo foni inaduka.

Mwanayo ndinamupeza atamukhazika pa bedi lokwezedwa kumutu, kumaso kuli chophimba chotulutsa nthunzi ya mankhwala pamodzi ndi okosijeni, kudzanja atamubaya kale. Yunifolomu inali itatsegulidwa mabatani, ndipo ndinkaona nthiti iliyonse ikamakoka mpweya. Maso anali otsegula theka. Nditamugwira phazi anandiyang'ana, koma sanasonyeze kuti wasangalala kapena wakwiya, analibe mphamvu ya zimenezo. Anamwino anandiuza kuti ndiime pambali.

Aphunzitsi anali pakona, nsapato zili ndi fumbi, choko chikadali pa siketi. M'dzanja limodzi anali ndi sipesa. M'dzanja linalo anali ndi kalata yanga, selotepi ikulendewera m'makona. Anali ataimatula pakabati m'mawa uja, ndipo pothamanga anainyamula kuti mwina a chipatala aifuna.

Dokotala wake anali mtsikana, wotopa, wosazungulira polankhula. Anafunsa kuti zinayamba nthawi yanji. Aphunzitsi anati itangodutsa teni, ana atabwera kuchokera kunja. Anafunsa kuti anamupatsa kangati asananyamuke.

"Tuwili," anayankha aphunzitsi.

"Tuwili? Ma awazi yabili, mwana alephela kupema, tuwili chabe? Elo mwamugoneka?" Dokotalayo anapukusa mutu. "Imwe ba ticha, sembe mwachedwako futi pang'ono, sembe tikamba vina apa."

Aphunzitsi anangoweramitsa mutu, mayi wamkulu wotero, akudzudzulidwa ndi mwana woti akanatha kumuphunzitsa. Kalata inali m'dzanja mwawo, akanangoitambasula, koma anaipinda n'kuibisa kuseri kwa sipesa. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndinaona kuti mlandu wapeza pokhala, ndipo mbali ina ya mtima wanga inafuna kuusiya pomwepo.

"Ndine ninalemba tuwili," ndinatero pomaliza. "Ninabauza ati basachite chilichonse nikalibe kuyankha foni."

Dokotala anandiyang'ana, anayang'ana aphunzitsi, n'kubwerera kwa mwana. Analibe nthawi yotiweruza.

Nthunzi ija anamupatsa katatu motsatizana. Patapita ola limodzi mluzu unabwerera, waukulu, wonyansa, ndipo anamwino anati ndi chizindikiro chabwino, mpweya wayamba kudutsa. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake. Cha m'ma folo ananena mawu oyamba, anapempha madzi. Bambo ake anafika nthawi imeneyo, fumbi mpaka m'nsidze. Anaima kumapazi kwa bedi nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti ayamba kupemphera mokweza monga amachitira, koma anangogwira chitsulo cha bedi, milomo ikuyenda popanda mawu.

Ndinaperekeza aphunzitsi mpaka pakhomo la wodi. Ndinayamba kupepesa. Anandiimitsa ndi dzanja.

"Ba mami, ine nenze nankhala pa mbali pake," anatero. "Pamene chifuwa chinaleka kulila, ninayamika Mulungu ati wapola. Ninamufunditsa chitenge kuti agone bwino." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Zaka zonse izi niphunzisa bana. Sembe munaniuza chabe. Ine sinimayopa mau."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira pamaso pa anthu. Anandiuza kuti mwana akatuluka ndilembe kalata ina, ndilembemo zonse, zabwino ndi zoipa, ndipo iwo akaiwerenga pamaso pa aphunzitsi onse. Anakwera galimoto ya wachiwiri kwa ahedi n'kubwerera kusukulu, chifukwa zikwama za ana awo zinali zikadali m'kalasi.

Mwanayo anagona m'chipatala masiku atatu. Anatuluka ndi mapiritsi a masiku ochepa, ndipo adokotala ake anasintha mlingo wa inhela yoteteza ija. Kalata ndinalemba, yonse, ndipo adokotala anasainira pansi. Ahedi sanamuchotse pasukulu. Anangofunsa chifukwa chake sitinanene kale, n'kulamula kuti masamba asamatenthedwenso ana ali m'kalasi. Kunyumba nkhaniyi sitinaikambe kwenikweni. Bambo ake anayamba kuyang'ana m'chikwama cha mwana m'mawa uliwonse, kugwedeza inhela pafupi ndi khutu, ndipo ine ndinkawasiya ngakhale ndinali nditayang'ana kale.

Za tsiku lija mwanayo sananene kanthu sabata yonse. Ndinkaganiza kuti mwina sakukumbuka bwino, ndipo ndinkafuna zikhale choncho. Lolemba limene ankabwerera kusukulu tinatsika minibasi molawirira, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mipanda ya ku Woodlands, envulopu ili m'chikwama changa. Kumwamba kunali mitambo yoyamba ya chaka, yolemera koma yosagwetsa mvula. Anali atandigwira dzanja, chinthu chimene anali atasiya kalekale poopa kusekedwa ndi anzake.

"Mami," anatero, osandiyang'ana. "Mu sikibei nenze nifuna kubauza ba ticha ati imwe mumanipasa mpaka teni."

"Unabauza?"

"Mau sanachoke. Ninabaonesa chabe vikumo." Anatambasula zala za dzanja linalo, ngati akuyesa kukumbukira mmene anachitira. "Bananibwelesela kalata. Ati ona, mami wako analemba tuwili, tiyembekeze foni."

Tinali titafika pafupi ndi geti, ana akutidutsa ndi zikwama zawo.

"Ninaona ni malembedwe yanu," anapitiriza. "So ninaleka kupempha."

Ananena mosadandaula, monga mmene amandiuzira zimene adya pa buleki. Kenako anaona mnzake, anasiya dzanja langa n'kulowa. Ine ndinatsamira mpanda wa sukulu, ndipo minibasi zitatu zopita m'tauni zinadutsa ndisanathe kuwoloka msewu.